Akutumizirani chithunzi cha pampu kuti mukagule masipeya? Yambani mwawerenga chonchi musanakwere minibasi ya m'tauni

Seputembala akangolowa foni yanga sipuma, chifukwa ndi nthawi yomwe madimba ali pachimake ndipo mapampu amene akhala akulira kuyambira Meyi amayamba kutopa. Ine ndimakhala ku Kawale ndipo ntchito yanga ndi yokonza timainjini ta petulo timeneti, ndiye abale onse aku Mitundu amadziwa kuti ndili pafupi ndi mashopu a ku Malangalanga. Uthenga umakhala umodzimodzi chaka ndi chaka, chithunzi chimodzi cha pampu yofiira chojambulidwa chapatali, pansi pake alembapo kuti tigulireni maring'i ndi silu, ndalama tatumiza. Zimandipweteka mtima kwambiri munthu akagulitsa tomato wake, n'kugula sipeya yosalowa, kenako mbewu n'kumauma kudimba iye akudikira kuti wina abwererenso m'tauni. Nde ndikufuna ndikuonetseni mmene ndimachitira ine, potengera pampu ya malume anga ya mainchesi 3 yomwe tinakonza chaka chatha.

Chinthu choyamba choti chikhale m'mutu mwanu ndi ichi, pampu ya petulo ndi makina awiri omangidwa pa felemu imodzi. Kuli injini, kuli pampu yeniyeniyo komwe kumadutsa madzi. Nthawi zambiri anapanga ndi anthu osiyana, dzina lalikulu lija lili pa thanki ndi la amene anangoziphatikiza n'kumatapo sitika. Ndiye sipeya ya ku injini mumaipeza ndi nambala ya injini, pomwe sipeya ya kumadzi, monga silu yotchinga madzi kuti asadonthe ndi impela yozungulira n'kukankha madzi, nambala imangokulozerani njira basi, chomaliza ndi kuyeza.

Yambani ndi kupempha zithunzi zabwino

Malume atatumiza chithunzi chawo choyamba chimaoneka ndi chivindikiro cha sitata chokha, chija mumakokerapo chingwe, chili ndi sitika yolembedwa 6.5HP. Ndinawaimbira.

"Malume, chithunzichi ndachiona koma sichikukwanira, mungamuuze mwana wina andijambulire zina zinayi?"

"Mphwanga, si yalembedwa pomwepo kuti 6.5? Pita nayo imeneyo, akudziwa kushopuko."

"Akudziwadi malume, koma chivindikiro chimenecho chimalowa pa mainjini angapo, mwina sichake."

Zithunzi zomwe ndimapempha ndi izi. Cha pampu yonse mbali ziwiri kuti ndione maonekedwe a bodi ndi mabawuti ake. Cha kapuleti kapena sitika yokhala ndi manambala ang'onoang'ono ambiri, imakhala pa bodi ya pampu, pa felemu kapena m'mbali mwa thanki. Cha nambala yodindidwa m'chitsulo cha injini. Ndi cha sipeya yowonongekayo itagonekedwa pafupi ndi rula. Cha nambala yodinda chija ndi chomwe chimavuta anthu, chifukwa si sitika, ndi zilembo zokhomedwa pa kamalo kosalala pa buloko, chammunsi m'mbali, pafupi ndi pothirira oyilo kapena kunsi kwa thanki, ndipo pa pampu ya kudimba pamakhala patakwiririka ndi matope osakanikirana ndi oyilo. Auzeni apukute ndi kansanza konyowa ndi petulo pang'ono injini itazizira, akatero apakepo choko kapena phulusa loyera n'kupukuta pamwamba mopepuka kuti choyeracho chitsalire m'zilembo. Asagwiritse sandipepa, ndaonapo nambala yofufutika theka chifukwa cha kukhula.

Pojambula azimitse fulashi. Aluminiyamu amanyezimira, fulashi ikawomba pomwe pali nambala pamangotuluka choyera. Bola kujambula pamthunzi masana, kapena wina awunikire ndi tochi kuchokera cham'mbali kuti zilembo zikhale ndi kamthunzi. Asayandikitsenso foni mpaka kukhudza, mafoni ambiri akayandikira kwambiri chithunzi chimachita mbuu, aime pang'ono adine pa sikirini pomwe pali zilembo kuti kamera igwire bwino. Ndipo potumiza pa WhatsApp asankhe Document kapena adine HD, chifukwa akatumiza mwachizolowezi chithunzi chimachepetsedwa ndiye mukati mukuze muone nambala mumangoona timabokosi. Ndikudziwa bandulo kumudzi ndi yovuta, koma yotsika mtengo ndi imeneyo kuyerekeza ndi thiransipoti ya Mitundu kupita ndi kubwera.

Chikafika, lembani nambalayo papepala, kenako muimbireni wojambulayo akuwerengereni chilembo chimodzichimodzi ali pomwepo. Zomwe zimasokoneza ndi 8 ndi B, 5 ndi S, 0 ndi D, 1 ndi I, komanso 6 ndi G kapena 8 ngati padindidwa mosazama. Pa injini izi kusokoneza 168 ndi 188 ndiye kuti mwachoka pa injini yaing'ono mwapita pa yaikulu pafupifupi kawiri kapena kuposa.

Kuwerenga kapuleti

Kapuleti ka malume kanali ndi izi:

```
MODEL         WP30
INLET/OUTLET  80mm (3")
MAX HEAD      28m
SUCTION HEAD  8m
MAX FLOW      60m3/h
ENGINE        168F-1
```

WP30 ikungotanthauza pampu ya madzi ya mainchesi 3, WP20 ndi ya mainchesi 2 yomwe pakamwa pake ndi mamilimita 50. Dzina limeneli amaligwiritsa ntchito mafakitale ambirimbiri, nde musaganize kuti WP30 iliyonse mkati ndi chimodzimodzi, chomwe likukutsimikizirani ndi saizi ya payipi, makapulini ndi sefa ya kumapeto kwa payipi basi. 60m3/h ndi malita 60,000 pa ola, kapena kuti malita 1,000 pa mphindi, madiramu 5 a malita 200. MAX HEAD ndi kutalika komwe ingakankhe madzi kupita mmwamba. Koma ziwirizi sizichitika nthawi imodzi, madiramu 5 aja amatuluka pampu ikamathira pomwepo pansi, ikafika pa mamita 28 madzi amakhala atasiyiratu kutuluka. Nambala ya MAX HEAD ili ndi ntchito ina pogula, mukaona pampu ya mainchesi 2 kapena 3 yalembedwa mamita 50 kapena kuposa, imeneyo ndi ya puresha yaikulu, impela yake ndi ina, ya pampu wamba singalowe olo pakamwa pafanane.

Pa SUCTION HEAD ndiime pang'ono chifukwa apa anthu amagula masipeya pa pampu yabwinobwino. Pampu sikoka madzi ngati ndi chingwe ayi, imangochotsa mpweya m'payipi ndiye mpweya wa kunja umene ukupsinja pamwamba pa madzi a m'chitsime ndi umene umawakankhira mmwamba. Mamita 8 aja ndi a kumalo otsika, kugombe la nyanja yamchere. Kuno ku Lilongwe tili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, mpweya ndi wopepuka, ndiye mumataya mita imodzi ndi kanthu. Pampu yatsopano imalekera cha m'ma mamita 7 osafika, yotopa imalekera pafupi kuposa apo. Ndiye mu Okutobala madzi a m'chitsime cha kudimba akatsika, pampu yomwe imakoka bwino mu Juni imayamba kuvuta, mwini wake n'kumati silu yatha. Musanagule kanthu funsani kuti kuchokera pomwe pakhala pampu kukafika pamwamba pa madzi ndi mamita angati, funsaninso ngati payipi yokokera ilibe mng'alu kapena kilampu yomasuka, chifukwa kabowo kakang'ono kolowetsa mpweya kamakwanira kuti pampu isakoke. Pena mankhwala ake ndi kungokumba kamalo kotsitsira pampu pafupi ndi madzi.

Nambala ya injini ndiye mwini nkhani

168F si nambala yongopeka. 1 akutanthauza silinda imodzi, 68 ndi kukula kwa bowo la silinda m'mamilimita, F ndi injini yozizira ndi mpweya. Mainjini amenewa anatengera kapangidwe ka Honda GX160 ndi GX200. 168F wamba ndi ya 163cc, ija amalemba 5.5HP, yofanana ndi GX160. 168F-1 ndi ya 196cc, ya 6.5HP, yofanana ndi GX200, bowo ndi 68 lomwelo koma pisitoni imayenda ulendo wautali, mamilimita 54 m'malo mwa 45, ndiye kirankishafuti ndi yosiyana. 170F bowo lake ndi 70, amakonda kuilemba 7HP. Zazikulu zake ndi 177F yofanana ndi GX270 ndi 188F yofanana ndi GX390, imeneyi mumaipeza kwambiri pa majenereta a 5kW. Ikakhala Honda yeniyeni nambala yodinda imayamba ndi zilembo zinayi kapena zisanu zoyambira GC, kamzere, kenako manambala 7, mupite nayo yonse kwa wogulitsa chifukwa GX160 yomweyo inasinthidwapo kangapo m'zaka zapitazi.

Tsopano onani zomwe zinachitika. Sitika ya pa sitata ikuti 6.5HP, kapuleti kakuti 168F-1, koma chithunzi cha pa buloko chitafika chinaonetsa 170F kutsogolo kwa nambala yaitali. Ndinawaimbiranso malume, ndipo ndi pomwe anakumbukira kuti amene anawagulitsa pampuyo ananenapo kuti injini yoyamba inagogoda n'kuikapo ina. Zivindikiro ndi thanki anangobwezeretsa zakale chifukwa mabowo a mabawuti amagwirizana. Zikasemphana chonchi khulupirirani chodindidwa m'chitsulo, sitika imamatidwa ndi aliyense, kapuleti kamanena za tsiku lomwe pampu inatuluka ku fakitale osati za lero.

Mwina mukuti mamilimita 2 ndi kanthu kanji. Pa ring'i ndi kanthu kakakulu, chifukwa kusiyana kwa 2 pa bowo kumakhala kusiyana kopitirira mamilimita 6 mozungulira. Ring'i ya 68 mukaikakamiza pa pisitoni ya 70 imatha kuthyoka, ikapanda kuthyoka imasiya mpata wopitirira mamilimita 6 pomwe pamafunika mpata wosafika ndi theka la milimita, kompuresheni yonse n'kumathawira pomwepo. Gasiketi ya hedi nayonso imatsatira bowo, ya 68 pa silinda ya 70 mkombero wake umalowerera mkati n'kupsa.

Ngati nambala yafufutikiratu pali njira ya kumudzi yomwe imagwira. Akatsegula injini adule kapepala kowongoka, akulunge pisitoni chammunsi kamodzi, alembe pokumana n'kuyeza pa rula. Ya 68 imapereka mamilimita pafupifupi 214, ya 70 imapereka pafupifupi 220. Kusiyana kumeneko diso limakuona olo pa chithunzi.

Musanagule maring'i funsani kaye za utsi

Malume amati injini ikutulutsa utsi wabuluu ndipo oyilo akutha msanga. Zimenezi zimaloza ku maring'i, inde, koma pali zinthu ziwiri zaulere zoyamba kuona. Injini izi zimalowa oyilo pafupifupi malita 0.6 okha, anthu ambiri amathira botolo lonse la lita imodzi, ndiye wotsalayo amakwera n'kumapsa. Chachiwiri, kudimba pampu amaikhazika pa mtsetse m'mphepete mwa chitsime, ikapendekeka kwambiri oyilo amapita kosayenera. Ndinawauza aikhazike pamalo osalala, atsegule pothirira oyilo, wochuluka atayike mpaka alekere pa mlomo wa bowo, ailize mphindi khumi. Utsi sunasiye, pulagi inali yakuda yonyowa ndi oyilo, ndipo chingwe chimakokeka mopepuka kuposa kale. Apo ndiye tinagwirizana zotsegula.

Atatsegula ndinapemphanso zithunzi ziwiri, pamwamba pa pisitoni atapala kaboni, ndi mkati mwa silinda atawunika ndi tochi. Pamwamba pa pisitoni mukaona 0.25 kapena 0.50 ndiye kuti silinda inakulitsidwapo, maring'i akhalenso a saizi imeneyo, mukaona STD kapena palibe nambala yoteroyo nthawi zambiri ndi saizi ya ku fakitale. Mkati mwa silinda mukakhala mizere yoti chikhadabo chikukodwa, maring'i atsopano sathandiza kwa nthawi yaitali, ndalamayo bola muisunge muwonjezere ya buloko. Ya malume inali yosalala.

Chomwe nambala singakuuzeni ndi kunenepa kwa ring'i. Pa bowo limodzi lomwelo kuli mapisitoni a maring'i opyapyala ndi a maring'i onenepa, ena milimita 1, ena 1.5, ndipo kusiyana kotere rula pa chithunzi singakuonetseni. Apa njira ndi ziwiri, atumize ring'i yakale olo yothyoka kuti mukayeze ndi veniya, chida choyezera kunenepa kwa tizitsulo, kapena mugule pisitoni ndi maring'i ake mu bokosi limodzi. Ine ndimakonda yoyambayo, yachiwiriyo imafunabe kuti pisitoni yakale muiike pambali pa yatsopano muone ngati pini ndi kutalika zikufanana.

Silu: apa kapuleti kakusiyani nokha

Vuto lachiwiri linali madzi odontha pakati pa injini ndi bodi ya pampu. Kudontha kwa pamenepo ndi silu, kusiyana ndi kudontha kwa m'mphepete mozungulira bodi komwe kumakhala labala yaikulu yozungulira ija. Silu ili ndi mbali ziwiri zokhudzana nkhope, ina yoyera yolimba ngati mbale yadothi yokhala mu labala, ina yakuda yokhala ndi sipuling'i mu kakapu kachitsulo. Pa mapampu ambiri a mtundu uwu yoyerayo imakhala kuseri kwa impela, ya sipuling'iyo imakhomedwa mu chivindikiro cha kumbali ya injini. Imaziziritsidwa ndi madzi omwewo, ndiye pampu ikalizidwa osathiramo madzi poyamba nkhope zija zimapsa m'kanthawi kochepa, mchenga nawo umazidya pang'onopang'ono. Musazengereze nayo, madzi akadutsa mpaka ku silu ya oyilo mudzaona oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, ndipo apo mabering'i ali pangozi.

Palibe kapuleti komwe ndinaonapo kalembedwa saizi ya silu. Muyeze zinthu zitatu, kunenepa kwa shafuti pomwe silu imakhala, kukula kwa kakapu kachitsulo kunja kwake, ndi kukula kwa yoyera ija pamodzi ndi labala yake. Shafuti mutha kuyeza ndi kapepala komweko, ya mamilimita 16 imazungulira pafupifupi 50, ya 20 imazungulira pafupifupi 63. Ya malume inali 16. Koma zinazo ndinawauza angotumiza silu yakaleyo mbali zonse ziwiri, anaikulunga m'pepala la shuga pamodzi ndi ring'i n'kupatsa mnyamata wina amene amabwera ndi kabichi ku msika.

Pochotsa impela avule kaye kapu ya pulagi kuti injini isalire mwangozi. Pa mapampu ambiri impela imamangidwa pa mathiredi a shafuti ngati nati, imamasuka mozungulira kumanzere, wina agwire kumbali ya sitata wina agogode phiko la impela ndi kamtengo, osati hamala pachitsulo chifukwa imasweka. Ena ali ndi bawuti pakati, ayang'ane kaye. Kuseri kwa impela kumatha kukhala timawashala topyapyala, tisatayike, ndi timene timasunga mpata woyenera pakati pa impela ndi chigoba chake. Ngati impela nayo yadyeka ndi mchenga, ijambulidwe pa rula kuchokera pamwamba penipeni, muwerenge mapiko, muone ngati pakati pali mathiredi kapena kamphako ka kiyi, ndipo mugule pamodzi ndi chigoba chake chifukwa zimadyekera limodzi.

Ikakhala jenereta

Njira ndi yomweyi, makina awiri, injini ndi mbali ya magetsi. Majenereta ambiri a m'mashopu ndi m'masaluni muno ali ndi 168F-1 kapena 170F yomweyo, ndiye pulagi, maring'i, gasiketi, koyilo zimayenderana ndi za pampu. Pulagi yake ndi BPR6ES kapena F7TC, mpata wake mamilimita 0.7 mpaka 0.8. Koma pali zitatu zosayenderana. Shafuti ya jenereta ndi yosongoka kumapeto, ya pampu ili ndi mathiredi, ya injini wamba ndi yowongoka ya kiyi, nde kirankishafuti musagule ndi nambala yokha. Kabuleta ya jenereta nthawi zambiri ilibe kampopi ka petulo chifukwa kali pa thanki, ndipo chogwirira choki ndi china. Chachitatu ndi liwiro, magetsi athu ndi a 230V, 50Hz, ndiye jenereta yaing'ono iyenera kuzungulira 3,000 pa mphindi pomwe pampu imafika 3,600, sipuling'i ya gavana musasinthanitse.

Kapuleti kake kamaoneka motere:

```
RATED POWER  2.5kW
MAX POWER    2.8kW
230V  50Hz  10.9A
PHASE 1   COS 1.0
```

Nambala yaikulu ya pa thanki, kaya 3500 kaya 3800, ndi dzina chabe. Yoti mugwire ndi RATED, ndipo mutha kuitsimikiza nokha, 230 kuchulukitsa ndi 10.9 ikupereka mawati pafupifupi 2,500. Ikakhala mu kVA chulukitsani ndi nambala ya COS, ya magawo atatu imakonda kukhala 0.8 ndiye 5kVA ndi 4kW. Injini ikamalira bwino koma magetsi osatuluka aliyense amathamangira AVR, kachipangizo kowongolera mphamvu ya magetsi, koma yambani mwaona buleka kenako mutsegule chivindikiro chakumbuyo muone mabulashi, ngati afupika kapena limodzi lathyoka vuto likhoza kukhala lomwelo ndipo ndi otsika mtengo. Ngati ndi AVR ndithu, chithunzi chionetse maonekedwe ake, kaya yokhota ngati mwezi kaya ya makona anayi, mabowo a mabawuti, mawaya ndi pulagi yake, ya gawo limodzi imakonda kukhala ndi mawaya 4 mu pulagi ndi 2 opita ku mabulashi. Pa kapasita yake pamalembedwa nambala, za 2kW mpaka 3kW zimakonda 220uF, za 5kW zimakonda 470uF. Timajenereta ting'onoting'ono tosakaniza petulo ndi oyilo tija tilibe AVR, tili ndi kapasita yokha, mugule ya nambala yomwe yalembedwa pa yakaleyo.

Kushopu

Ndinapita ndi pepala lolembedwa 170F, ring'i yakale, silu yakale ndi veniya m'thumba. Mnyamata wa pa kauntala atamva kuti pampu ya mainchesi 3 anatulutsa bokosi la 168F nthawi yomweyo, si kuti amafuna kundibera, ndi zomwe anthu ambiri amagula. Ndinati achimwene, ndipatseni a 70, ndipo ndiloleni nditsegule ndiyeze pompano. Ring'i yakale ndi yatsopano ndinazigoneka pamodzi, kunenepa ndinayeza ndi veniya, zinafanana. Pa silu anatulutsa mitundu iwiri, yonse ya shafuti ya 16, koma kakapu ka ina kanali kokulirapo moti sikakanalowa mu chivindikiro, ndikanapita ndi chithunzi chokha ndikanasankha mwa mwayi. Yang'anani nkhope yoyerayo pa kuwala ngati ilibe mng'alu, dinani sipuling'i muone ngati ikubwerera. Bokosi musalikhulupirire kwambiri, limatha kulembedwa mayina a mainjini anayi pomwe chili mkatimo chikulowa pa imodzi. Funsani musanalipire ngati angasinthe ikapanda kulowa, ndipo pa lisiti alembe saizi, osangoti masipeya. Onjezani gasiketi ya hedi ya 70, gasiketi ya chivindikiro cha m'mbali ndi labala yaikulu ya bodi, chifukwa zakale zikatsegulidwa sizikhalanso bwino ndipo kumudzi sakazipeza.

Pomanga, ring'i iliyonse iyambe yalowetsedwa yokha mu silinda, kuikankha ndi pisitoni kuti ikhale mowongoka, n'kuona mpata wa pomwe nsonga zikumana. Pa ziwiri za pamwamba uzikhala cha m'ma 0.2 mpaka 0.4 milimita, nsonga zikagundana injini ikatentha imagwira, mpata ukafika milimita yathunthu ndiye kuti silinda yatha kapena ring'i si yake. Mbali yolembedwa kachilembo iyang'ane mmwamba, ndipo mipata ya maring'i isakhale mzere umodzi. Silu ilowetsedwe ndi madzi a sopo pa labala, kukankha mowongoka ndi kapayipi ka pulasitiki, nkhope zija zisakhudzidwe ndi zala za girisi kapena mchenga. Akamaliza adzaze madzi m'bodi mpaka pakamwa asanakoke chingwe.

Ndinapita ndekha Loweruka kukamanga chifukwa malume anali ndi anyezi wofuna madzi sabata yomweyo. Titathira oyilo watsopano inalira pa kukoka kwachiwiri, utsi unatha patapita mphindi zochepa oyilo wa pomanga atapsa, pansi pa bodi panakhala pouma. Ndisananyamuke ndinamatula sitika ya 6.5HP ija, ndinatenga penti yotsala ya pa chitseko n'kulemba mkati mwa felemu kuti 170F, silu 16, ndipo silu yakaleyo malume anaiika mu kachitini pamodzi ndi sipanala ya pulagi.